MIPANDO INGATI KUTI MMISIRI ASALUZE?

Pa maphunziro a zamalonda ana a sukulu amakumana ndi funso lotere:

Mmisiri wa matabwa amalipira K120,000 mwezi uliwonse, ya lendi ya nyumba yopaliramo ndi ya mlonda. Mpando umodzi umadya K15,000 pa matabwa, misomali, guluu ndi vanishi, ndipo amaugulitsa K25,000. Pa mwezi amagulitsa mipando 20. Kodi ayenera kugulitsa ingati kuti asaluze? Nanga malonda ake angatsike bwanji asanayambe kuluza?

Poyamba wophunzira alekanitse ndalama zotuluka m'magulu awiri. Lendi ndi mlonda ndi zosasintha, pakuti mwini nyumba adzafuna zake ngakhale mmisiri atagona mwezi wathunthu osagwira sowo. Koma matabwa ndi misomali zimatsata ntchito: mipando ikachuluka nazonso zichuluka.

Tsono pa K25,000 ya mpando umodzi achotsepo K15,000. Patsala K10,000. Imeneyi si phindu ayi, monga ambiri aganizira, chifukwa iyenera kuyamba yalipira lendi ndi mlonda. Mpando uliwonse uponyako K10,000 yake kufikira K120,000 itakwana. Pogawa 120,000 ndi 10,000 yankho ndi 12. Pa mipando 12, ndiyo malonda a K300,000, mmisiri sanapindule ndipo sanaluze. Amenewa ndiwo malire a phindu. Phindu liyamba ndi mpando wa 13.

Ana ambiri amalakwa pomwepa. Amagawa 120,000 ndi mtengo wogulitsira, 25,000, nayankha kuti mipando 5, kukhala ngati matabwa anangotola m'njira. Kuyesa yankho nkosavuta. Mipando 5 ibweretsa K125,000, koma zotuluka ndi K120,000 kuonjezapo K75,000 ya zipangizo, zonse K195,000. Mmisiri waluza K70,000. Pa mipando 12 zolowa ndi K300,000, zotuluka K120,000 ndi K180,000, ndipo mbali ziwirizo zilingana.

Funso lachiwiri ndi la mpata wa chitetezo, ndiko kutalikirana kwa malonda a mmisiri ndi malire aja. Pa 20 achotsepo 12, patsala mipando 8, kapena K200,000. Pofuna peresenti agawe 8 ndi 20, osati ndi 12, pakuti chofunika ndi kudziwa gawo la malonda amene alipo limene lingatayike. Yankho ndi 40 peresenti. Mipando 8 yomweyo ndiyo ibala phindu lonse la mwezi, K80,000.

Aphunzitsi angachite bwino kusintha nambala imodzi ana atatha. Matabwa akakwera ndi K2,000 pa mpando, chotsala chija chikhala K8,000, malire akwera kufika mipando 15, ndipo mpata utsika kufika mipando 5, ndiyo 25 peresenti. Mmisiri akugulitsabe 20 monga kale, koma phindu latsika kufika K40,000. Ndipo yankho likatuluka ndi kachidutswa, monga 13.3, alembe 14, chifukwa pa 13 lendi isanakwane.