Chiwongoladzanja Chokwera Kutsidya kwa Nyanja: Phindu Lake Limathera Kuti?

Kumayambiriro kwa 2024, munthu wosunga ndalama kubanki mumzinda wa Tokyo ankangolandira fungo la chiwongoladzanja. Kuyambira mu 2016, banki yaikulu ya Japan inali itatsitsa chiwongoladzanja chake mpaka pansi pa ziro, pa -0.1 peresenti. Nthawi yomweyo ku Amereka banki yaikulu ya kumeneko inali itakweza chake kufika pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti. Aliyense wodziwa masamu a kupulayimale akhoza kufunsa kuti: nanga Ajapani osangotenga ndalama zawo zonse n'kukazisunga ku New York bwanji?

Ambiri anachitadi zimenezo. Pogula dola ankagulitsa yeni, ndalama ya kwawo, ndipo chinthu chikachuluka ogulitsa chimatsika mtengo, monga amachitira matimati m'nyengo yake. Dola imodzi yomwe inkagulidwa ndi mayeni pafupifupi 115 kumayambiriro kwa 2022 inapitirira mayeni 160 mu Julayi 2024. Umu ndi mmene kusiyana kwa chiwongoladzanja kumakokera mtengo wosinthira ndalama: chuma chimathamangira komwe chikubala kwambiri.

Koma ndalama yopita kunja iyenera kudzabwerera, ndipo nkhani yagona pa ulendo wobwererawo.

Tiyerekeze kampani ina ya ku Tokyo yomwe ili ndi mayeni 15,000,000 amene siwafuna kwa chaka chathunthu. Kuti masamu aphweke, tinene kuti dola ili pa mayeni 150, ku Japan chiwongoladzanja ndi ziro, ku Amereka ndi 5 peresenti. Ikasintha lero ipeza madola 100,000, ndipo pakutha pa chaka adzakhala 105,000. Vuto ndi lakuti antchito ake amalandira yeni, ndipo palibe akudziwa mtengo wa dola wa tsiku limenelo. Dola ikadzagwera pa mayeni 135, madola aja adzangobweza mayeni 14,175,000, ndalama yochepera yomwe inachoka pakhomo.

Woyang'anira chuma wosafuna kugona tulo todukizadukiza amapita kubanki n'kupangana nayo lero lomwe mtengo umene adzagulitsire madolawo chaka chikatha. Mgwirizano wotere amautcha fowadi. Uli ngati mlimi wogwirizana mtengo ndi wogula soya asanakolole: msika ukwere kapena ugwe, iye wake ndi womwewo.

Banki siitchula 150. Itchula mtengo wa pafupi ndi mayeni 142.86, ndipo nambalayi siichokera m'mutu mwa bwana aliyense. Imachokera apa:

```
F = S × (1 + a) / (1 + b)
```

S ndi mtengo wa lero wa dola, a ndi chiwongoladzanja cha pa yeni, b ndi cha pa dola, pomwe F ndi mtengo wa fowadi. Choncho 150 kugawa ndi 1.05 kumapereka 142.86. Madola 105,000 akasinthidwa pa mtengo umenewu amabweza pafupifupi mayeni 15,000,000 omwe aja. Ndalama yaoloka nyanja, yagona chaka ku New York, yabwerako ili chimodzimodzi ndi yomwe inatsala kunyumba. Phindu lonse la 5 peresenti lamezedwa ndi mtengo wodzitchinjiriza.

Limeneli ndilo lamulo lomwe akatswiri a zachuma amalitcha kufanana kwa chiwongoladzanja chotchinjirizidwa. Si lachilendo: John Maynard Keynes wa ku Mangalande analilongosola kale m'buku lake la mu 1923 lonena za kukonza kayendetsedwe ka ndalama. Ndalama ya chiwongoladzanja chokwera imatchipa pa fowadi, ya chotsika imadula, ndipo kusiyanako kumalingana ndi kusiyana kwa ziwongoladzanja ziwirizo.

Palibe wapolisi amene amakakamiza mabanki kutsatira lamuloli. Amalilondera ndi anthu okonda phindu. Banki ina itasokonezeka n'kulonjeza kudzagula dola pa mayeni 146, wochenjera angakongole mayeni 15,000,000 opanda chiwongoladzanja, n'kugula madola, n'kuwasunga ku Amereka, n'kusaina fowadi tsiku lomwelo. Chaka chikatha madola 105,000 angamupatse mayeni 15,330,000. Akabweza ngongole atsala ndi mayeni 330,000, osaikapo ndalama yake ngakhale tambala, osadalira mwayi. Nyama yotere siigona panja. Mabanki ena angakhamukireko m'kanthawi kochepa, onse akugula dola ya lero ndi kugulitsa ya chaka chamawa, mpaka mtengo wa fowadi utatsikira pa 142.86.

Apa m'pomwe ambiri amasochera, ngakhale ena ovala mataye. Akaona 142.86 amati banki yalosera kuti dola idzagwa. Ayi, banki yangochita masamu a chiwongoladzanja. Mtengo weniweni wa chaka chamawa ukhoza kupita kulikonse, ndipo pakati pa 2022 ndi 2024 dola inkakwera pomwe fowadi inkaloza pansi.

N'chifukwa chake pali ena amene amakana kudzitchinjiriza. Amakongola yeni motchipa, kugula dola, n'kudikira. Ku Japan ngakhale anthu wamba ochita malonda a ndalama ali kunyumba analowa nawo, mpaka amisika anawapatsa dzina loseka lakuti Mayi Watanabe. Kwa zaka ziwiri ndi theka anadya kawiri, chiwongoladzanja ndi kukwera kwa dola. Kenaka pa 31 Julayi 2024 banki yaikulu ya Japan inakweza chiwongoladzanja kufika pa 0.25 peresenti, kwinaku kukumveka kuti Amereka yatsala pang'ono kutsitsa chake. Okongola yeni anathamangira kukaigula kuti abweze ngongole, ndipo kuthamangako kunaidulitsa kwambiri. Pofika pa 5 Ogasiti dola inali itagwera pafupi ndi mayeni 142, ndipo tsiku limenelo muyeso wa Nikkei wa msika wa masheya ku Tokyo unagwa ndi 12.4 peresenti. Amene anagula dola pa 160 anataya m'mwezi umodzi zoposa chiwongoladzanja cha zaka ziwiri. Amene anali ndi fowadi analandira zomwe anapangana.

Lamulo lenilenilo nalo linachita mng'alu. Banki ya Lehman Brothers itagwa mu Seputembala 2008, mabanki anayamba kuopana ndipo dola inasowa, moti ofuna kuipeza popinyolitsa yeni ankalipira zoposa zomwe masamu aja amanena. Kampata kameneko sikanatsekeke kwathunthu mpaka lero. Malamulo okhwima omwe anabwera pambuyo pake amafuna kuti banki ikhale ndi mpamba wakewake wolingana ndi kukula kwa malonda ake, motero kutola kaphindu kakang'ono kunasiya kukhala kwaulere. Mpatawu umaoneka poyerekeza fowadi ya pamsika ndi ya pa masamu, ndipo umakonda kukula kumapeto kwa miyezi itatu iliyonse, pomwe mabanki amatseka mabuku oti oyang'anira awaone.

Nanga kuno kwathu, komwe chiwongoladzanja cha banki yaikulu chinali pa 24 peresenti kumapeto kwa 2023, bwanji madola sanasefukire? Lamuloli limagwira pomwe ndalama imalowa ndi kutuluka momasuka, komanso pomwe pali wolonjeza kudzakugulitsa dola pa tsiku lomwe mwapangana. Dola ikamasowa m'mabanki, mlendo amakhala wosatchinjirizika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola. Munthu amene akanasintha madola 1,000 kutatsala tsiku limodzi, n'kupeza 24 peresenti yonse kwa chaka, akanakhala ndi K1,463,200. Pa mtengo wa K1,700, amenewo ndi madola 861, ndipo akanayenerabe kupeza banki yoti imugulitse.