Lipoti la sikani likalakwika dzina kapena mbali, kalata yanu inene chiyani?

Ntchito yanga ndi yowerenga zithunzi za m'thupi n'kulemba lipoti lopita kwa dokotala amene anakutumizani. Pa makalata a odwala amene amafika pa tebulo langa, ofunika kuwayankha msanga ndi onena kuti dzina lalakwika, kapena kuti lipoti likuti kumanzere pamene ululu uli kumanja.

Mavuto awiriwa ndi osiyana kulemera kwake. Ngati chasowa ndi chilembo chimodzi m'dzina, koma tsiku lobadwa, nambala ya wodwala ndi chiwalo chojambulidwa zikugwirizana, timangokonza mu kaundula. Koma dzina, zaka ndi nambala zikakhala zachilendo zonse, mwina mwapatsidwa lipoti la munthu wina, ndipo lanu lili m'manja mwa mwini wake wa limenelo. Izi zimachitika kwambiri anthu a mfunda umodzi akatsatizana pamzere, kapena wojambula akayamba ntchito dzina la wodwala wapitayo lidakali pa makina. Pamenepo sitisintha dzina chabe. Timayamba tafufuza kuti zithunzizo ndi za yani.

Za mbali, dziwani kaye kuti chithunzi timachiyang'ana ngati munthu amene watiyang'ana maso ndi maso. Dzanja lanu lamanja limaoneka kumanzere kwa chithunzi, ndiye ena amadandaula pamene palibe cholakwika. Onani kachilembo kamene kali pakona: R ndi kumanja, L ndi kumanzere.

Tiyerekeze mayi amene wajambulitsa impso chifukwa cha ululu wa m'nthiti kumanja. Pakati pa lipoti palembedwa kuti impso yakumanja ili ndi mwala wa mamilimita 8, koma m'chidule cha kumapeto mwalembedwa impso yakumanzere. Dokotala wotanganidwa nthawi zambiri amathamangira chidulecho. Kalata ya mayiyu ingakhale yotere:

"Kwa Mkulu wa Chipinda Chojambulira. Ndikupempha kuti muonenso lipoti la sikani yanga ya impso. Dzina langa lonse, tsiku lobadwa, nambala yanga ya wodwala ndi tsiku limene ndinajambulidwa ndalemba pamwambapa. Mzere wachitatu ukuti mwala uli mu impso yakumanja, koma chidule chikuti yakumanzere. Ine ululu ndimaumva kumanja. Chonde yerekezani lipotili ndi zithunzi, mundipatse lokonzedwa, ndipo lina mutumize kwa dokotala wanga tisanaonane Lachinayi likubwerali. Ndaphatikiza fotokope ya lipotilo ndi ya chiphaso changa. Ine wanu,"

Kalatayi sikulamula kuti tilembe kumanja. Ikupempha kuti tionenso, chifukwa mbali yopweteka si umboni wokwanira, ndipo mwala umatha kupezeka mu impso imene sikupweteka. Ikutchula mzere weniweni wokayikitsa, komanso tsiku lokaonana ndi dokotala, limene limatiuza kuti nkhaniyi ndi ya changu bwanji.

Ndikailandira ndimatsegula zithunzi, ndipo thupi lenilenilo limandiyankha. Impso yakumanja imakhala pansi pa chiwindi, yakumanzere pafupi ndi kapamba. Ngati impso ya mwalayo yagundana ndi chiwindi, cholakwika ndi chidule. Pa chithunzi cha pachifuwa ndimayang'ana nsonga ya mtima ndi mpweya wa m'chifu, zimene zimakhala kumanzere, ngakhale alipo anthu ochepa kwambiri obadwa ziwalo zitasinthana mbali. Bere, bondo kapena tchende likajambulidwa pa sikani, nthawi zambiri palibe chiwalo choyandikana chotithandiza, umboni umangokhala chizindikiro chimene wojambula anaika. Chimenecho chikakayikitsa, timakuitanani kudzajambulidwanso.

Lipoti losainidwa sitilifufuta. Timalemba mawu owonjezera okhala ndi tsiku ndi siginecha, onena chimene chinalakwika ndi cholondola chake. Loyambalo limasungidwa kuti adziwike amene analiwerenga n'kupereka mankhwala potsatira zimenezo. N'chifukwa chake musakonze nokha ndi cholembera, ngakhale m'buku lanu la kuchipatala, pakuti lipoti la m'makina athu lidzatsala lolakwikabe.

Kalata ipangitseni fotokope, ndipo wolandira asaine kapena adinde pa yanu. Mukapanda kuyankhidwa, pitani kwa mkulu wa chipatala kapena ku ofesi yolandira madandaulo a odwala. Koma ngati opaleshoni yayandikira, musadikire kalata. Mndandanda wa chitetezo pa opaleshoni wa Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse wa 2008 umafuna kuti wodwala atsimikize dzina lake, malo ochitidwa opaleshoni ndi mtundu wa opaleshoniyo asanagonekedwe. Panthawi imeneyo auzeni a dokotala ndi a namwino kuti lipoti likudzitsutsa, lozani mbaliyo ndi chala, ndipo musasaine chikalata chovomereza mpaka ataonanso zithunzi.