Tchuthi cha uchembere: theka la malipiro limawerengedwa bwanji?

Kalata yochokera kwa abwana imakhala yaifupi: "Mwapatsidwa masabata 12 a tchuthi cha uchembere, masabata 8 malipiro onse, masabata 4 theka." Mayi woyembekezera amasaina n'kupita kukadikira tsiku lake. Mkangano umadzabuka patapita miyezi iwiri kapena itatu, ndalama yolowa kubanki ikasiyana ndi imene ankayembekezera. Kawirikawiri sikuti wina waba. Chimasokoneza n'chakuti tchuthi chimawerengedwa m'masabata pamene malipiro amabwera pamwezi, ndipo ziwirizi sizikumana bwinobwino.

Choyamba n'kudziwa pamene lamulo linaika malire. Lamulo la zantchito la m'Malawi la chaka cha 2000, m'gawo 47, limapatsa mayi aliyense wapantchito masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Theka silotchulidwa m'menemo. Limabwera pokhapokha kampani ikawonjezera masabata ena mwa kufuna kwake kapena mwa mgwirizano ndi antchito ake. Choncho bwana amene akuti "masabata 6 onse, masabata 6 theka" waphonya, ngakhale atanena kuti ndalama zonse pamodzi zikuposa za masabata 8. Sabata la 7 ndi la 8 ndi a malipiro athunthu, ndipo kudula kungayambe pa sabata la 9. Koma pathupi pena pakabwera zaka zitatu zisanakwane, zimene mayi alandire zimadalira kwambiri zolembedwa mu mgwirizano wake wa ntchito, choncho ndi bwino kuuwerenga nthawi ikadalipo.

Tsopano titenge mayi wolandira K520,000 pamwezi msonkho usanadulidwe, amene amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Kuti tidziwe ndalama yake ya pa sabata, ambiri amathamangira kugawa ndi 4, n'kupeza K130,000. Apa ndiye pogona vuto. Mwezi suli ndi masabata anayi okha, kupatula Febuluwale. Mukanakhala masabata anayi, chaka chikanakhala ndi masabata 48, pamene chili ndi 52. Njira yolondola ndi kuchulukitsa malipiro a pamwezi ndi 12, kenaka kugawa ndi 52. K520,000 kuchulukitsa ndi 12 ndi K6,240,000, ndipo tikagawa ndi 52 tipeza K120,000 pa sabata.

Zotsalazo n'zosavuta. Masabata 8 a malipiro onse ndi K960,000. Theka la sabata ndi K60,000, ndiye masabata 4 ndi K240,000. Pamodzi mayiyu ayenera kulandira K1,200,000 pa masabata 12, pamene akanakhala ali pantchito akanalandira K1,440,000. Ndalama imene akuluza ndi K240,000, ndipo nambala imeneyi ndi yofunika kuilemba penapake, chifukwa ndiyo muyezo woonera ngati a ku ofesi ya malipiro adula moyenera. Wogawa ndi 4 uja adzadula K65,000 pa sabata, K260,000 pa masabata anayi, ndipo mayi adzakhala wataya K20,000 popanda chifukwa.

Nanga K240,000 imeneyi imadulidwa mwezi uti? Tinene kuti tchuthi chayamba Lolemba pa 1 Sepitembala. Masabata 8 ndi masiku 56, ndipo akutha Lamulungu pa 26 Okutobala, osati pa 31. Anthu ambiri akamva masabata 8 amaganiza miyezi iwiri yathunthu, n'chifukwa chake malipiro a Okutobala amawadzidzimutsa. Theka likuyamba pa 27 Okutobala mpaka pa 23 Novembala, ndipo mayi akubwerera kuntchito Lolemba pa 24.

Sepitembala yense alandira K520,000. Mu Okutobala muli sabata limodzi la theka, kuyambira pa 27 mpaka pa 31, ndiye adulidwa K60,000 n'kutsala ndi K460,000. Masabata atatu otsalawo agwera mu Novembala: adulidwa K180,000, atsala ndi K340,000. Onani kuti palibe mwezi umene walandira theka lenileni la K260,000, chifukwa masabata anayiwo agawikana m'miyezi iwiri, ndipo mu Novembala wagwiramo ntchito sabata lomaliza. Kapepala ka malipiro ka Novembala kakaonetsa K260,000 pamene Okutobala anadulidwa kale, ndiye kuti wina wadula kawiri.

Makampani ena sawerenga masabata koma masiku a pa kalendala. Iwo amagawa malipiro ndi masiku a mweziwo, 31 mu Okutobala ndi 30 mu Novembala. Mwa njira imeneyi mu Okutobala mudulidwa K41,935 pa masiku 5, mu Novembala K199,333 pa masiku 23, pamodzi K241,268. Kusiyana ndi K240,000 ija n'kochepa, ndipo sindingalangize munthu kudana ndi abwana chifukwa cha K1,268. Chofunika n'chakuti kampani itsate njira imodzi miyezi yonse. Kusiyana kukafika pa K20,000 kapena kuposa, pamenepo funsani kuti akuonetseni masamu awo.

Manambala onsewa ndi a ndalama msonkho usanachotsedwe, ndipo yolowa m'thumba imayenda mosiyanako. Msonkho wa pa malipiro umadulidwa m'magawo: gawo loyamba silikhomedwa msonkho, magawo apamwamba ndiwo amakhomedwa kwambiri. Malipiro akatsika, chimachoka ndi chapamwambacho, choncho msonkho umatsika kwambiri ndipo kumapepukako pang'ono. Chosatsika ndi ngongole. Ngati banki imadula K90,000 mwezi uliwonse, idzadulabe K90,000 yomweyo pa K340,000 ya Novembala, mwezi umene mwana akufuna matewera, sopo ndi ulendo wa kusikelo. Mayi amene ali ndi ngongole yodulidwa ku malipiro achite masamu a mwezi wovutawo asanavomere masabata owonjezera.

Funso lina lofunsa musanasaine ndi lakuti, theka la chiyani? Ambiri malipiro awo ali ndi ndalama yeniyeni ya ntchito komanso maalawansi monga a nyumba ndi a mayendedwe. M'masabata 8 a lamulo, zonse zimene mayi amayenera kulandira mwa mgwirizano wake zimapitirira, ndipo zaka zake za pantchito siziduka. M'masabata owonjezerawo, kampani ina imadula theka pa malipiro enieni okha n'kusiya alawansi ya nyumba, ina imadula pa zonse. Kalata ikakhala chete pa nkhaniyi, pemphani yankho lolembedwa, chifukwa la pakamwa limaiwalika likafika tsiku lolipira.

Kumbukiraninso kuti masabata amayamba kuwerengedwa tsiku limene mwasiya ntchito, osati tsiku lochira. Woyamba tchuthi kutatsala masabata atatu kuti achire, masabata a malipiro onse amuthera mwana ali ndi masabata asanu okha. Palinso njira imene ambiri saiganizira. Lamulo lomweli limapatsa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata tchuthi cha pachaka cha masiku 15 a ntchito, omwe ndi masabata atatu a malipiro onse. Ngati simunawatenge ndipo abwana avomera, mukhoza kuwalumikiza ku masabata 8 aja m'malo mwa masabata atatu a theka, ndipo kwa mayi wathu uja kumeneko n'kupulumutsa K180,000.

Masamu akapanda kugwirizana, yambani ndi a ku ofesi ya malipiro mutanyamula kalata ya tchuthi ndi timapepala ta malipiro ta miyezi yonse itatu. Akakana kukonza, makamaka ngati adula m'kati mwa masabata 8 oyambirira, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo zikakanika kumeneko nkhaniyo ikhoza kupita ku khoti loona milandu ya anthu apantchito.