Mawu owerengeka mbali zonse ziwiri: kompyuta imawazindikira bwanji?

Mu 1948 Leigh Mercer wa ku Britain anatulutsa chiganizo cha Chingerezi chonena za ngalande ya Panama, cha zilembo 21, chomwe chimawerengeka chimodzimodzi ngakhale munthu atayambira kumapeto kubwerera kuchiyambi. Mawu otere amatchedwa palindiromu. Pa Chichewa aliponso: ana, awa, izi, ili. Popeza mawu a Chichewa amathera ndi lembo laliwu, palindiromu ya Chichewa iyeneranso kuyamba ndi lembo laliwu, n'chifukwa chake simapezeka mwachisawawa.

Ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta amapatsidwa kawirikawiri ntchito yoti makina azizindikira mawu otere. Ambiri amathamangira kutembenuza mawuwo, koma pamene pagona nkhani ndi pa kuwayeretsa asanatembenuzidwe.

Chiganizo choti "Awa, ana awa!" chikuonetsa bwino zimenezi. Maso a munthu amalumpha mpatuliro, mipata ndi mfuuliro, ndipo A wamkulu samusiyanitsa ndi wamng'ono. Kompyuta silumpha kanthu. Kwa iyo A ndi nambala 65, a ndi 97, ndipo mpata nawo uli ndi nambala yake, 32. Ikatembenuza chiganizochi momwe chilili imapeza `!awa ana ,awA`, n'kuyankha kuti sizikufanana.

Choncho pulogalamu imayamba yachepetsa zilembo zonse, kenako n'kutaya chilichonse chomwe si chilembo kapena nambala. M'chinenero cha Python zimalembedwa motere:

```python
def ndi_palindiromu(mawu):
    oyera = [c for c in mawu.casefold() if c.isalnum()]
    return oyera == oyera[::-1]
```

Apa `casefold()` amachepetsa zilembo, `isalnum()` amasunga zilembo ndi manambala okha, pomwe `[::-1]` amatembenuza mndandandawo. Pa chiganizo chija pamatsala `awaanaawa`, zilembo 9. Choyamba chifanana ndi chomaliza, chachiwiri w chifanana ndi w wa kumbali inayo, mpaka mapeyala anayi akwana, ndipo n wapakati alibe mnzake woti afanane naye. Yankho ndi `True`. Manambala amasungidwa dala, kotero kuti deti la 02/02/2020 nalo limapambana mayesowa.

Vuto lenileni limabwera ndi njira ina yoyeretsera yomwe ili ponseponse m'maphunziro a mapulogalamu, yogwiritsa ntchito `[^a-z0-9]`. Imeneyi imafufuta chilichonse chomwe sichili pakati pa zilembo 26 za Chingerezi ndi manambala. Pa Chingerezi imayenda bwino ndithu. Koma chilembo cha ŵ, chija ena amalemba m'dzina la Malaŵi, chimatayidwa ngati kuti ndi mpumiro. Mawu oti ŵana, momwe amalembera Atumbuka, si palindiromu, komabe ŵ akachoka pamatsala `ana`, ndipo pulogalamu imavomera bodza popanda chenjezo lililonse. Cholakwika chotere n'choopsa chifukwa sichidzionetsa, ndipo wolemba pulogalamu amene amayesa ndi mawu a Chingerezi okha sangachitulukire. Njira ya `isalnum()` ilibe vutoli, chifukwa imazindikira kuti ŵ ndi chilembo.

Komatu ŵ ali ndi msampha wina. Mu dongosolo la Unicode, lomwe limapereka nambala kwa chilembo chilichonse, ŵ angasungidwe m'njira ziwiri: ngati chinthu chimodzi, U+0175, kapena ngati w wamba wotsatiridwa ndi kachizindikiro kapamwamba koima pakokha, U+0302. Pa sikirini zonsezi zimaoneka zofanana. Munthu akalemba "Aŵa, ana aŵa!" ndipo ŵ woyamba wamutayipa yekha pomwe wachiwiri wamukopera kwina, n'zotheka kuti mitundu iwiriyi ikumane m'chiganizo chimodzi. Kachizindikiro koima pakokha si chilembo kwa `isalnum()`, ndiye kamatayidwa. Pamatsala ŵ mbali ina ndi w mbali inayo, ndipo yankho limakhala `False` pa chiganizo cholondola.

Munthu angazindikire vutoli powerengetsa kutalika kwa mawu. Ngati `len("aŵa")` akupereka 4 m'malo mwa 3, ndiye kuti ŵ ndi wogawika pawiri. Mankhwala ake ndi kulumikiza zidutswazo kuyeretsa kusanayambe:

```python
import unicodedata
mawu = unicodedata.normalize("NFC", mawu)
```

Mzere woyamba umakhala pamwamba pa pulogalamu, wachiwiri umalowa mu `ndi_palindiromu` patsogolo pa mzere wa `oyera`.

Patsala funso lomwe makina sangayankhe okha. Munthu akalowetsa `?!` basi, kuyeretsa kumachotsa zonse, ndipo mndandanda wopanda kanthu umafanana ndi wotembenuza wake, choncho yankho limatuluka `True`. Akatswiri a masamu amavomereza zimenezi. Koma ngati pulogalamuyo ndi masewera oti ana a sukulu azipikisana kupeza mawu, mwana angapate mapointi polemba mfunsiro wokha. Wolemba amene sakufuna zotere amasintha mzere womaliza kukhala `return len(oyera) > 1 and oyera == oyera[::-1]`, ndipo ukatero umakananso chilembo chimodzi choima chokha.