Kupepesa Mnzanu wa Kuntchito Akaferedwa

Uthenga wa pafoni wonena kuti "Pepani ndamva za maliro, mubwera liti kuntchito?" umapweteka woferedwa, chifukwa ukusonyeza kuti wolembayo akuganizira ntchito kuposa chisoni cha mnzake. Pokonza uthengawu, funso la ntchito limachotsedwa. Kenako malemu amatchulidwa mwaulemu, pogwiritsa ntchito mawu oti "atisiya" m'malo mwa "amwalira". Pomaliza, wolemba amalonjeza thandizo lenileni lomwe angathe kupereka.

Uthenga wokonzedwa umamveka chonchi: "Achimwene, pepani kwambiri kuti mayi atisiya. Za kuntchito musade nazo nkhawa, tigawana ife. Mawa madzulo tibwera kusiwa ndi chipepeso chathu. Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse."

Mafunso okhudza chomwe chatenga malemu salembedwa mu uthenga wotere.