Mtengo wa webusaiti ya kiliniki uzibwera ndi malire a ntchito

Mwini kiliniki akatopa ndi odwala odzaza pabenchi m'mawa pomwe masana kuli zii, amaganiza zokhala ndi webusaiti yoti anthu azisungitsirapo nthawi yoonana ndi dokotala. Amafunafuna mnyamata kapena mtsikana wodziwa zamakompyuta, wa maganyu ake osati wapakampani, n'kumufunsa pa WhatsApp kuti, "Ndi zingati?" Kawirikawiri yankho limakhala nambala yokha. Awiriwa amasiyana akuganiza kuti amvana, koma dokotala akuona m'mutu mwake webusaiti ina, wopangayo akuonanso ina.

Uthenga wabwino wopempha ntchito yotere umatchula mtengo umodzi wosasintha, ndipo pambali pake umanena ntchito yeniyeni imene ndalamazo zikugula. Tiyerekeze kiliniki ya ku Zomba yokhala ndi madokotala awiri ndi mlembi mmodzi wolandira odwala. Ndalama zili m'munsizi n'zongoyerekeza, si mtengo wa pamsika. Wopanga webusaiti angalembe motere:

"Adokotala, zikomo pondipatsa mpata Lachiwiri lija. Ndamva kuti vuto lalikulu ndi odwala ofika nthawi imodzi, komanso foni ya alembi imene imalira tsiku lonse. Ndidzapanga webusaiti ya masamba anayi: loyamba, la chithandizo chimene mumapereka, la madokotala, ndi losungitsirapo nthawi. Wodwala adzasankha dokotala, tsiku ndi nthawi ya mphindi 20, n'kulemba dzina ndi nambala ya foni. Nthawi imeneyo idzatsekeka pomwepo kuti wina asaitengenso, ndipo wodwalayo adzalandira SMS yotsimikiza. Alembi adzakhala ndi tsamba lawo loonera odwala a tsikulo, kusintha nthawi, ndi kulembapo amene aimba foni kapena abwera okha. Mtengo wake ndi K1,800,000: K720,000 poyamba, K540,000 mukaiona ikugwira ntchito pamalo oyeserera, ndi K540,000 tsiku loitsegulira anthu. Ntchito idzatenga masabata 6 kuyambira tsiku limene ndidzalandire ndalama yoyamba, zithunzi ndi ndandanda ya madokotala. Mtengowu ugwira ntchito kwa masiku 14."

Chiganizo cholemera kwambiri mu uthengawu ndi chija chonena kuti nthawi idzatsekeka pomwepo. Pali mawebusaiti amitundu iwiri amene onse amatchedwa osungitsira nthawi. Wina ndi fomu chabe: wodwala amalemba tsiku limene akufuna, uthenga umapita kwa alembi, iwo n'kumuimbira kuti avomere kapena akane. Umenewu ungathe m'masiku ochepa. Winawo uli ndi kalendala yamoyo imene imadziwa kuti dokotala woyamba sagwira Lachitatu masana, kuti wachiwiri ali patchuthi, ndi kuti 9 koloko yatengedwa kale. Umenewu umafuna nkhokwe ya zolembedwa, mapasiwedi a ogwira ntchito, ndi kuyesa kwambiri. Dokotala akalipira akuyembekezera wachiwiriwu n'kulandira fomu, amaona kuti waberedwa. Wopanga naye akatchula mtengo wa fomu n'kuuzidwa kuti amange kalendala, amagwira mwezi wathunthu ulere.

Tsamba la alembi lija nalonso si lokongoletsa. Kwathu kuno odwala ambiri adzapitiriza kuimba foni kapena kungofika pachipata, maka achikulire ndi amene alibe bandulo. Alembi akamawalemba m'kaundula wa pepala pomwe webusaiti ikulandira anthu ena, Lolemba m'mawa mudzapezeka anthu awiri a 9 koloko, aliyense ali ndi umboni wake. Choncho dokotala asanalipire ndalama yachiwiri ayese yekha. Atenge mafoni awiri, asankhe nthawi imodzimodzi pa onse, adine pamodzi. Imodzi iyenera kukanidwa. Akatero auze alembi alembe wodwala wapafoni, aone ngati nthawiyo yachoka pawebusaiti. Wopanga wodziwa ntchito amalemba yekha mayeso amenewa mu uthenga wake, chifukwa ndi amene adzasonyeze tsiku lina kuti ntchito yatha.

Kenaka pamabwera ndime imene achinyamata ambiri amaopa kulemba poganiza kuti ithawitsa kasitomala: "Mtengowu sukuphatikizapo kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kusunga mbiri ya matenda a odwala, kulumikiza ndi makampani a inshuwalansi, kapena apu ya pafoni. Maonekedwe ndidzasintha kawiri popanda kuonjezera ndalama. China chilichonse chatsopano ndidzayamba ndakulemberani mtengo wake, ndipo ndidzachigwira mukavomera." Ine ndimaona kuti ndime imeneyi ndiyo imasunga ubale. Zopempha zimabwera pang'onopang'ono ndiponso mwaulemu: "Achimwene, tangoikaniponso poti azilipiriratu." Kwa wopemphayo ndi batani limodzi. Kwa wopanga ndi kulembetsa kwa kampani yolandira ndalama, kutsimikiza kuti ndalama yalowadi, ndi kukonza chochita wodwala akalipira koma osabwera. Zikakhala kuti zinalembedwa kale, wopanga sakana ntchito, amangotumiza mtengo wake, ndipo palibe amene amachita manyazi.

Nkhani ya mbiri ya matenda ili ndi chifukwa chinanso. Mu 2024 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa pamakompyuta, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limaliyang'anira. Zokhudza umoyo wa munthu zili m'gulu lofuna chisamaliro chapadera. Fomu ikafunsa kuti "Mukudwala chiyani?", mayankho a anthu amakhala pa seva ndipo aliyense wokhala ndi pasiwedi amawawerenga. Posungitsa nthawi, dzina ndi nambala ya foni n'zokwanira. SMS nayo ingonena tsiku ndi nthawi, isatchule chimene munthu akukaonetsa, pakuti m'mabanja ambiri foni ndi yobwerekana.

Mtengo wosasintha uli ndi polekezera. Webusaiti ikatha pamatsala zolipira zosatha: dzina lake la paintaneti chaka ndi chaka, malo oisungira, ndi SMS iliyonse imene yatumizidwa. Malo osungirawo nthawi zambiri amalipiridwa m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene analonjeza kusunga webusaiti pa mtengo wokhazikika wa makwacha anayenera kuonjezera za m'thumba mwawo. N'chifukwa chake zolipira zimenezi zilembedwe padera, kiliniki izilipira yokha, ndipo masiku 14 aja akhalepo. Uthenga unenenso ngati mtengowo ndi wa msonkho wodulidwiratu wa MRA usanachotsedwe, kuti pasadzakhale kudabwa pa tsiku lolipira. Zokonza zolakwika zikhale ndi malire akenso, mwachitsanzo masiku 30 aulere, kupitirira apo pangano lina la pamwezi.

Chomaliza chofunika kuchiona ndi mwini wake wa zinthuzi. Dzina la paintaneti ndi akaunti ya malo osungira zilembedwe m'dzina la kiliniki ndi imelo ya kiliniki, ndipo mapasiwedi onse aperekedwe tsiku la malipiro omaliza. Zikalembedwa m'dzina la wopanga, iye akasamukira ku Joni kapena akasintha nambala, dzinalo limatha nthawi yake popanda wolilipirira, webusaiti n'kuzima, odwala n'kumatsegula tsamba lopanda kanthu.

Adokotala, uthenga umene mwalandira ukakhala wopanda zimenezi, musatumize ndalama yoyamba. Ubwezeni kwa mwini wake awulembenso, ndipo kuvomera kwanu kukhale kolemba, osati kwa pakamwa pafoni.