Phindu la telala lili pangodya

Mwana wa mlongo wanga adanditumizira pafoni chithunzi cha galafu. Telala amasoka malaya, x, ndi mabuluku, y. Nthawi ikulola x + y ≤ 10, nsalu ikulola x + 2y ≤ 14.

Mbali yoti mudetse mungaidziwe poyesa (0, 0). Ikugwirizana ndi malire onse awiri, choncho detsani kunsi kwa mizere yonseyo. Phindu, 3x + 4y, limafika pachimake pangodya: (10, 0) ikupereka 30, (0, 7) ikupereka 28.

Ngodya yapakati ndiyo imasocheretsa, chifukwa foni ikapendekeka pojambula mizere imapotoka. Apa musadalire maso. Chotsani x + y = 10 pa x + 2y = 14, mupeza y = 4, x = 6. Phindu lake ndi 34, ndiye telala asoke malaya 6 ndi mabuluku 4.